Galimoto yanga inandichititsa manyazi kawiri

Tsiku loyamba kuyendetsa kagalimoto kanga kochokera ku Japan, ndinaima pa maloboti mu tauni ya Blantyre, injini n'kungoti zii. Padashibodi panayaka kanyali kobiriwira. Mtima unagunda: galimoto yongofika dzulo kudzera pa Songwe, ngongole yake sindinayambe n'kubweza komwe, yafa kale? Ndinapondereza buleki ndi mphamvu zonse, n'kumasula lamba, n'kutsegula chitseko kuti ndikodole anyamata andikankhe. Kumbuyo mahutala ali pi! pi! Kondakitala wa minibasi anatulutsa mutu n'kukuwa: "Madala, ngati ndi yobwereka kabwezeni!"

Ndinadzamva pambuyo pake kuti ndikanangochotsa phazi pabuleki, injini ikanalira yokha. Galimoto zoterezi zimazimitsa injini ukaima kuti zisamamwe mafuta pachabe. Koma poti ine ndinamasula lamba n'kutsegula chitseko, inaganiza kuti dalaivala wathawa, ndiye inazimiratu mpaka nditaika giya pa P n'kuilizanso.

Nditadziwa zimenezi ndinasanduka mphunzitsi. Aliyense wokwera ankamva ulaliki wa kusunga mafuta, ngakhale asanafunse.

Patapita miyezi batire inatha. Kusitolo ananditchulira mtengo wa yofanana nayo, yolembedwa Q-85, ndipo ndinamva chizungulire. Pambali pake panali ina ya 55D23L, kukula kwake chimodzimodzi, yolowa bwino pamalo pake, koma yotchipa kwambiri. Batire ndi batire, ndinatero mumtima.

Ndiye mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, apongozi anga anabwera kuchokera ku Ntcheu. Ndinakawatenga kudepoti, ndawatsegulira A/C mpaka kumapeto.

"Bambo, muone zodabwitsa," ndinatero tikuyandikira maloboti. "Ikaima imapuma yokha, ngati munthu."

Tinaima. Injini ili ngrrr. Ndinaponda buleki kwambiri, popeza ukaponda mwaulesi siizima. Ayi ndithu. Ndinaona lamba, womanga. Ndinawongola chiwongolero. Ngrrr. Apongozi anatchera khutu mwaulemu mpaka loboti inasintha.

"Mwina ikuchita manyazi ndi alendo, akamwini," anatero.

Pa maloboti achiwiri ndinayesanso. Pa achitatu sindinayankhule. Titafika kunyumba anauza mwana wawo kuti galimoto ndi yabwino, koma mwamuna wake azipumulako, dzuwa lachuluka.

M'mawa mwake ndinali kwa makaniko. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa mtunda umene ndimayenda patsiku. Ndinati kuchoka ku Chilomoni kupita m'tauni, n'kubwerera madzulo.

"Ndi A/C, wailesi ndi foni patchaja?"

Ndinavomera. Anatsegula boneti, anayang'ana batire, kenako anayang'ana ine nthawi yaitali. Anadikira kuti galimoto ikhale kaye chozima, n'kuika kamakina kake koyezera. Kanalemba 12.2V. Anati batire yodzaza bwino imaonetsa cha m'ma 12.6V, ndipo 12.2V ndiye kuti ili cha pakati.

"Bwana, galimotoyi siinawonongeke. Ikukana dala. Isanazime imadzifunsa kuti, ndikazima pano, ndidzukanso?"

Anandionetsa kachipangizo komangidwa pamutu wa batire wa chizindikiro cha (-). Kameneko kamawerenga moto wolowa ndi wotuluka. Moto ukachepa, galimoto imasiya injini ikulira kuti izitchaja batire. Batire ya mtundu wa EFB ngati Q-85, kapena AGM pagalimoto zina, inapangidwa kuti izipirira kuliza injini kambirimbiri patsiku ndiponso kulandira moto msanga. Yanga yotchipayo imachedwa kudzaza, ndipo timaulendo tanga tatifupi sitinkabweza ngakhale zimene ndawononga poliza m'mawa. Kuwonjezera apo, A/C imaziziritsa m'kati pokhapokha injini ikamalira, ndiye m'kati mukatentha kwambiri iwe n'kuitsegula mpaka kumapeto, galimoto imasankha kukuziziritsa osati kusunga mafuta. Imakananso kuzima ngati injini isanatenthe, kapena ukaima pachitunda chachikulu.

Za nyali anati ndisamangonjenjemera. Pagalimoto zambiri chizindikiro chake ndi chilembo A chozunguliridwa ndi muvi. Chikakhala chobiriwira, zonse zili bwino. Chikakhala chodulidwa ndi mzere kapena osayaka, ndiye kuti pali chimene chikuiletsa panthawiyo. Chachikasu chongoyaka nthawi zambiri ndi iwe mwini wadina batani loletsa. Chachikasu chophethira ndiye pitani nayo akaiike pakompyuta.

Ndinagula Q-85 ija, mtengo utakweranso. Makaniko anauza kompyuta ya galimoto kuti batire ndi yatsopano, ndipo tinaiyendetsa mpaka ku Lunzu n'kubwerera. Pa maloboti oyamba inati zii. Ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja.

Tsiku loperekeza apongozi ndinangokhala chete, A/C ndachepetsa. Tinaima, injini n'kuzima bwinobwino. Ndinawayang'ana monyadira. Iwo anagwira chikwama chawo, dzanja lina pachitseko.

"Musadandaule akamwini, khalani momwemo. Ine ndikankha."