Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Usipa wa Loweruka

M'gawo lapitali ndinalekezera pa mwezi wa Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, malipiro anga a ukalaliki mu ofesi ina ya boma kuno ku Mangochi n'kukhala omwe aja. Ankatha lisanafike tsiku la 15, ndipo anzanga angapo anali atakodwa kale m'katapila. Ine ndinaganiza za usipa, popeza nyanja tili nayo pakhomo.

Ndisanagule ngakhale chigoba chimodzi, ndinakaonana ndi mkulu woyang'anira za ogwira ntchito, bambo amene anakalambira m'boma. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Achimwene, geni si mlandu. Mlandu umabwera geniyo ikayamba kudya nthawi ya boma, ikakwera galimoto ya boma, kapena ikamagulitsa katundu ku ofesi imene inu mukugwirako. Lembani kalata, musadalire zapakamwa." Ndinalembadi, kufotokoza kuti malondawo ndi a nsomba zouma, woyendetsa ndi mlamu wanga, ndipo ine ndidzawakhudza Loweruka ndi Lamlungu lokha. Ena anandiseka kuti ndadziulula ndekha, koma kalata imene ija, yomwe ili m'failo yanga mpaka lero, ndi imene imandigonetsa tulo.

Mpamba ndinakongola ku SACCO, K200,000, yomwe ankadula pang'onopang'ono ku malipiro. Loweruka m'mamawa ine ndi alamu tinkakwera matola kupita ku Makawa, kumene amayi amayanika usipa pa thandala. Ulendo woyamba tinagula zigoba 25 pa mtengo wa K6,000 chimodzi, zonse pamodzi K150,000. Matumba, thiransipoti ya alamu ndi katundu kukafika ku Limbe, chiphaso cha mumsika ndi chakudya zinatidyera K20,000. Kumeneko chigoba chinayenda pa K8,500, ndiye kuti tinatola K212,500, phindu n'kukhala K42,500, limene tinagawana pakati. Si ndalama yoti munthu n'kumangira nyumba, koma inakwana ufa ndi magetsi, ndipo mpamba unabwerako wathunthu.

Chimene sindinachiwerengere n'chakuti usipa sudziwa Loweruka. Asodzi amaukopa usiku ndi nyali, choncho mwezi ukamawala kwambiri umasowa ndipo mtengo umakwera, pomwe masiku a mdima umatuluka wambiri n'kutsika mtengo. Wamalonda weniweni amadikira pagombe mpaka tsiku labwino, mwina Lachiwiri, mwina Lachinayi. Munthu wa pa ntchito ali ndi masiku awiri okha, ndipo amagula chimene wachipeza.

Izi zinandipweteka mu Januwale, mvula ili pakati. Tinapeza usipa umene unali utangoona dzuwa pang'ono chifukwa cha mitambo. Alamu anatapa pang'ono, n'kupinda kamodzi ndi zala, n'kunena kuti: "Alamu, uwu sunaume, tiyeni tiusiye, ndibwereko Lachiwiri." Ine poganiza kuti ulendo wa tsikulo upita pachabe, komanso, ndinene zoona, posafuna kuwasiyira ndalama yonse m'manja, ndinaumirira kuti tigule. Usipa wouma bwino umathyoka ukaupinda, umachita phokoso ukautapa, ndipo umapepuka. Wosauma umangopindika, umamatirira m'manja, ndipo ukagona m'thumba usiku umodzi umatentha mkati, n'kuyamba fungo ndi nkhungu. Wathu unachita zomwezo. Alamu atauyanikanso n'kutaya wowonongeka, zigoba 25 zija zinatsala 21, ndipo ogula ku Limbe ataona mtundu wake anakana kupitirira K6,500. Tinatola K136,500 pa K170,000 imene tinalowetsa, kutanthauza kuti K33,500 inapita, SACCO ikudulabe zake.

Sabata imeneyo ndi imene ndinayesedwa kwambiri. Njinga yamoto ya ofesi inali pakhonde, mafuta alimo, ndipo mnzanga wina anandiuza kuti ndingolemba ulendo wa kumudzi Lachiwiri n'kudzera kugombe. Wina anati ndizibweretsa usipa ku ofesi, anthu obwera kudzasainitsa mapepala azigula. Zachiwirizi zimaoneka zazing'ono, koma munthu amene akudikira siginecha yako sangakane kugula, ndipo akagula amayembekeza kuti failo yake iyenda msanga. Pamenepo malonda asanduka ziphuphu, nkhani yoti bungwe la ACB likhoza kuifunsa. Ndinakana zonse ziwiri, osati chifukwa cha chiyero, koma poika K33,500 pambali pa penshoni ya zaka zonse zimene ndagwira.

M'malo mwake ndinasintha kagwiridwe. Alamu ndi amene amasankha tsiku logula, ndalama ndimawatumizira pa foni nthawi ya nkhomaliro, ndipo Lamlungu madzulo timakhala pansi ndi kope, kulemba zigoba zogulidwa, zogulitsidwa ndi zotayika. Gawo lawo ndinalikweza, popeza ntchito ndi maso ndi zawo. Kope lomwelo ndi limene linadzatikanganitsa mwezi wa Juni, mwera utatseka asodzi kumtunda kwa masiku angapo, ndipo nkhani imeneyo ndidzayamba nayo m'gawo lotsatira.