Pakufunika dalaivala

Bwana wa pa esiteti yathu ku Mchinji anandipatsa masamba atatu ofotokoza ntchito, n'kunena kuti, "Akalaliki, izi zikwane pa pepala limodzi la A4, mukamate pa bolodi ya kumsika lero lomwe."

Ntchito imeneyi ndimaidziwa. Pa bolodi munthu amawerenga chiimirire, njinga ili m'manja, ndiye mawu asapitirire 60 ndipo zilembo zikhale zikuluzikulu. Zoyenera kutsala n'zisanu: dzina la ntchito, malo ake, zimene wofunsira akhale nazo, kosiya kalata, ndi tsiku lotsekera. Pa mzere uliwonse ndimadzifunsa kuti, kodi mawu awa abweza munthu wosayenera? Ngati sabweza aliyense, achoke. "Wolimbikira, wokhulupirika, womvana ndi anzake" ndinadula osaphethira. Ndani anawerengapo zimenezi n'kunena kuti ayi, ine ndine mlesi, ndisapite? Maudindo onse 14, kuona oyilo m'mawa, kuthira girizi ndi zina zotero, ndinati akazimvera pa intavyu. Panangotsala laisensi ndi zaka ziwiri pa ntchito.

Apa mpeni unayamba kukoma. Mutu unali "Woyendetsa thirakitala yolimira ndi kukoka ngolo", ndipo pa zilembo zazikulu sunkakwana mzere umodzi. Ndinangolemba kuti DALAIVALA. Mumtima ndinati mawu oti thirakitala ali m'munsimo. Analimodi, mu udindo wachitatu, umene ndinali nditadula kale. Tsiku lotsekera ndinaliika kumapeto kwenikweni kwa pepala, pamene anthu amamatapo zawo, moti pofika madzulo panali pepala la sing'anga wobweza mkazi wothawa.

Lolemba m'mawa mlonda anabwera ali wefuwefu. Pageti panali anthu 43: a minibasi, a malole, a kabaza wa njinga yamoto, onse ali ndi laisensi, onse zaka ziwiri zokwana. Palibe amene ananama. Mkulu wina wa suti yakuda, nsapato zili phuliphuli, anandikokera pambali.

"Achimwene, galimoto ya abwanayo ndi ya otomatiki?"

Ndinamulozera thirakitala ili mu shedi, matope mpaka m'chiwongolero. Anaizungulira kawiri n'kufunsa kuti zitseko zili ku garaja kodi.

Bwana sanakalipe. Anangonditulutsira mpando panja kuti ndifotokozere aliyense payekhapayekha, dzuwa la Okutobala lili pa liwombo.

Pepala lachiwiri ndinalemba WOYENDETSA THIRAKITALA pa mizere iwiri, tsiku lotsekera pansi pa mutu penipeni. Ndisanamate ndinapatsa mlonda kuti awerenge n'kundiuza ntchito yake ndi yotani. Amene tinamulemba ndi bambo wa m'mudzi woyandikana nafe, amene walima ndi thirakitala zaka 9. Akuti pepala loyamba lija analiona, koma analibe jekete.