Chidindo cha Apositoli

Achimwene anga a ku Joni akaimba usiku ndimadziwa kuti atumiza kangachepe, koma akaimba m'mawa ndiye kuti pali ntchito. Tsiku limeneli anaimba tambala asanamalize kulira. Ankafuna kutenga mwana wawo wamkazi amene timakhala naye kuno ku Chinkhoma kuti akaphunzire kumeneko, ndipo kumene ankakonza mapepala anawauza kuti apereke fotokope yotsimikizika ya chikalata cha kubadwa cha mwanayo. Netiweki inkadukaduka, ndiye zotsalazo anandilembera pa foni: "Pakhalenso Apostille."

Ine sukulu ndinapitako, musandione chonchi. Ndinawerenga liwulo kawiri, nkuona kuti achimwene angolakwitsa sipelo. Ndinadzifunsa ndekha kuti kodi boma la eni ake lafika pofuna umboni wa atumwi? Koma poti m'dera lathu muli Apositoli amene amapempherera anthu ofuna kupita kunja, ndinati mwina mbiri yawo yawoloka Limpopo.

Chikalata chenichenicho, chochokera ku NRB, ndinachisiya m'sutikesi pansi pa bedi poopa kuchidetsa. Ndinatenga fotokope yakale imene tinagwiritsa ntchito polembetsa sukulu, ndinagwira nkhuku yachikuda, ulendo kwa Apositoli. Munthu wa Mulunguyo sanafunse zambiri. Anaika dzanja papepala, kupemphera mpaka thukuta kamukamu, kenako anadinda chidindo cha mpingo chokhala ndi nkhunda pakati. Pobwerera ndinadzera kwa amfumu kuti nawonso adinde, poti ndiwo zikachuluka nsima siikanika. Ndinajambula pepalalo nkutumiza.

Achimwene sanayankhe ndi mawu. Anangotumiza uthenga wa mphindi yathunthu wa alamu anga akuseka, kumbuyo kukumveka wina akutsokomola.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita pa boma pa Kasungu kwa loya wina. Nditayala pepala langa patebulo, anachotsa magalasi, kuyang'ana nkhunda ija, kuwavalanso.

"Bambo, chikalata chenicheni chili kuti?"

"Chili bwinobwino kunyumba, bwana. Sichituluka chisawawa."

"Ndiye ine nditsimikize chiyani?"

Anandifotokozera modekha ngati mwana wa sitandade 1. Iye ndi komishonala wa malumbiro, ndipo akadinda pa fotokope amakhala akunena kuti waona ndi maso ake chikalata chenicheni, wachiyerekeza ndi fotokopeyo, ndipo palibe chosiyana. Amalemba tsiku, dzina lake ndi udindo wake, nkusaina. Popanda chenichenicho alibe choyerekezera, ndipo fotokope ya fotokope saikhudza nkomwe. Anandionetsanso kuti pa fotokope yanga yakale ija nambala ya m'munsi inadyedwa ndi makina, chinthu chimene Apositoli, amfumu ndi ine tonse sitinachione.

Tsono za liwu lija. Si mtumwi ayi, ndi apositili. Loyayo anati vuto ndi lakuti kalaliki wa ku Pretoria sadziwa siginecha ya munthu wa ku Kasungu, ndipo chidindo aliyense akhoza kusemetsa pamsika. Ndiye maiko anapangana mumzinda wa Hague m'chaka cha 1961 kuti dziko lililonse lisankhe akuluakulu oti azitsimikiza kuti siginecha ndi chidindo zili pachikalata ndi zenizeni, komanso kuti wosainayo alidi ndi udindo umene akunena. Malawi ali m'panganolo, South Africa alimonso, choncho pepala limodzi limeneli likwanira. Kukanakhala kuti mwana akupita kudziko limene silili m'panganolo, ndikanayenda kawiri: ku Unduna wa Zakunja ku Lilongwe, kenako ku ofesi ya kazembe wa dzikolo kuti nawo adinde.

"Ndipo musaganize kuti apositili ikonza zolakwika," anatero. "Ngati dzina la bambo lalembedwa mosiyana ndi la m'pasipoti, lipita lolakwika lomwelo, chidindo chili pamwamba. Yang'anani chilembo chilichonse musanawononge thiransipoti."

Ndinabwerera ku Chinkhoma, ndinafukula sutikesi, usiku ndinayerekeza mayina ndi chithunzi cha pasipoti ya achimwene ndi tochi ya foni. Zinagwirizana. Kutacha ndinapanga fotokope yatsopano yooneka ngodya zonse zinayi, loya anayerekeza nkudinda, nkundilozera ofesi ya ku Lilongwe yopereka apositili. Za mzere wa kumeneko ndi njala imene ndinaimva sindinena. Madzulo ndinatuluka ndi mapepala awiri olumikizidwa pakona: fotokope ija, ndi pepala la mizere khumi yokhala ndi manambala, mutu wake uli m'Chifalansa. Chidindo anachimenya polumikizira penipeni, theka papepala ili, theka palinalo.

Apa ndiye pamene nzeru zanga zinabweranso, ndipo nzeru zanga zikabwera pamakhala maliro a ndalama. Inali nyengo ya dzinja. Envelopu inkayenera kupita ndi mnyamata wina wa mabasi a ku Joni, ndipo ndinaganiza za mvula, za thukuta, za matumba a ufa ndi usipa amene amakwera mabasi amenewo. Nditatsika pa depoti ya Kasungu ndinalowa m'kashopu ka fotokope nkunena kuti andimatire pulasitiki.

Mtsikana wa pamakinapo anati, "Angolowa limodzilimodzi, bambo. Ndichotse waya?"

"Chotsani, mwanangu, koma mwaulemu."

Anachotsadi mwaulemu, ndi chikhadabo chopaka utoto wofiira. Mapepala anatuluka akutentha, akunyezimira, olimba ngati chiphaso cha boma. Ndinaona kuti ndi okongola kwambiri moti ndinapita kukamuonetsa loya uja kuti aone kuti wophunzira wake wakula.

Sanachotse magalasi ulendo uno. Anangogwira pepala lililonse kudzanja lake, kuwatalikitsa, kuwayandikitsa, ngati akuyesa kugwirizanitsa banja lomwe latha.

"Bambo, mwawasudzula."

Anati apositili imagwira ntchito pachikalata chimene yamangiriridwapo basi. Mukangochotsa waya, wolandira sangadziwe ngati simunasinthe pepala la pansi, ndipo timabowo tiwiri topanda kanthu pakona ndi timene amayamba kuyang'ana. Theka la chidindo linali uku, theka uko. Pulasitiki nayo ndi mlandu wina: sangakhudze pepala kuti amve ngati inki ndi yeniyeni, sangadindepo china, ndipo kuimatula kumachotsa zilembo. Chimene chinandipulumutsa nchakuti chikalata chenicheni chinali m'thumba la jekete. Mtsikana uja anali atandifunsa ngati nachonso achimate, koma ndalama zinandithera.

Ndinayambiranso: fotokope ina, chidindo china, Lilongwe wina, tambala wina wogulitsa pamsika kuti thiransipoti ikwane. Ulendo uno mapepala ndinawaika m'envelopu yolimba, envelopu m'jumbo ziwiri, ndipo ndinamuuza mnyamata wa basi kuti akakhudza waya uja asadzadutsenso pa Chinkhoma.

Mapepala omata aja sanatayike. Mayi a kunyumba amakupizira moto pa mbaula ndi la Chifalansa lija, akuti limagwira mphepo kuposa chivundikiro cha poto. Apositoli nawo anamva kuti mapepala a mwana alandiridwa ku Joni, ndipo Lamulungu lapitali anandiimiritsa kutsogolo kwa mpingo kuti ndichitire umboni. Ndinayang'ana anthu, ndinayang'ana Apositoli, ndinakumbukira kuti nkhuku ija anadya kale, ndipo ndinati aleluya.