Msoko wa chitenje changa wasowa tsopano

Sabata yachitatu ino ndikulimbana ndi kachithunzi kamodzi ka mbali zinayi zofanana, kamene ndikufuna kadindidwe mobwerezabwereza pansalu ngati matailosi apansi, popanda munthu kuona pamene kena kathera ndi pamene kena kayambira. Maonekedwe ake ndinawatenga pa chitenje chimene ndinagula ku Kamwala: madayamondi akuluakulu achikasu, mizere yakuda yokhotakhota, pansi pake pabuluu wodera.

Poyamba ndinkalemba mu Midjourney, pulogalamu ya AI yopanga zithunzi kuchokera ku mawu amene walemba, mawu akuti `chitenje fabric` basi. Ankabwera mayi wovala chitenje, kapena nsalu yoyalidwa patebulo, makwinya ndi mithunzi yomwe. Ukatchula nsalu, makinawo amakujambulira nsalu. Ndiye ndinasiya kutchula dzinalo, n'kuyamba kufotokoza zimene maso anga akuona pachitenjepo: chooneka bwanji, chachikulu bwanji, mitundu ingati. Mawu amene ndafika nawo lero ndi awa:

```
bold geometric pattern, large concentric diamonds, thick zigzag lines, African wax print style, flat vector, four solid colors: yellow, black, white, indigo --tile --ar 1:1 --no folds, shadow, gradient, people
```

Chogwira ntchito yolumikiza m'mphepete ndi `--tile`. Ndicho chimachititsa kuti mzere wotuluka kudzanja lamanja ulowenso kumanzere pamalo omwewo, wotuluka pamwamba ulowe pansi. Masiku oyamba ndinkangolemba `seamless` n'kumayesa kuti zatheka, koma madayamondi ankadukira m'mphepete osakumana ndi anzawo.

Ngakhale ndi `--tile`, sindikhulupirira ndisanayese. Ndimatsegula chithunzicho mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, n'kupita pa `Layer > Transform > Offset`, n'kusankha kuti chisunthe theka la m'lifupi ndi theka la m'litali, chotuluka mbali ina chizilowa mbali inayo. Pamenepo m'mphepete monse mumabwera pakati, ndipo msoko ukakhalapo umaoneka ngati mtanda. Changa chinapambana mayeso amenewa, mizere yonse inakumana, ndipo ndinakondwa kwambiri.

Loweruka ndinasindikiza mapepala asanu ndi anayi pa kashopu ka kwathu kuno ku Chilenje, ndinadula m'mbali moyera ndi lumo, n'kuwamata pansi atatuatatu. Ndinaitana amayi a nyumba yoyandikana nafe, amene ndi telala, kuti adzaone. Sanawerame n'komwe. Anabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo, n'kunena kuti, “Mwanawanga, mizere yakumana, koma ndikuona mawindo.”

Nditaima pamene anaimapo ndinawaonadi. Buluu uja anali wowala pang'ono pakati pa kachithunzi kalikonse, n'kumadera pang'onopang'ono chakumphepete. Pa foni diso silingazindikire, koma ukandanditsa zisanu ndi zinayi mbali zoderazo zimalumikizana n'kupanga mafelemu, nsalu yonse kukhala ngati zenera la magalasi. Vuto limeneli kuyesa kwa mtanda sikunandionetse, chifukwa mitundu ya mbali ziwirizo inali yofanana ndithu pokumanira. Mawu akuti `gradient` pambuyo pa `--no` ndinawaonjezera usiku womwewo, kuuza Midjourney kuti mtundu usamasinthe pang'onopang'ono chotero. Anachepetsa, koma sanathetseretu.

Chimene chinathetsa ndi kukakamiza chithunzicho kukhala ndi mitundu inayi yokha. Mu GIMP ndinasankha `Image > Mode > Indexed`, n'kulemba 4 pa chiwerengero cha mitundu, `dithering` n'kuisiya pa `None`, apo ayi imawaza timadontho ngati mchenga. Buluu yense anasanduka mmodzi. M'mphepete mwa mizere yakuda munatsala timano, timene ndinakonza pamanja madzulo awiri. Kwa ine chithunzichi chafanana kwambiri ndi chitenje tsopano, pakuti zitenje zimene ndimakonda mtundu uliwonse umaima paokha, wachikasu apa, wakuda apo.

Chatsala ndi kukula kwake. Chithunzi changa ndi cha mapikiselo 1024 mbali iliyonse. Pa 150 DPI, kutanthauza madontho 150 pa inchi iliyonse podinda, chimakwana masentimita 17 ndi pang'ono, ndiye pansalu ya masentimita 114 m'lifupi chibwerezedwa kasanu ndi kamodzi ndi theka. Amayi aja akuti madayamondi otere ndi a malaya a mwana, pa diresi la munthu wamkulu afunika kukula kawiri. Ndinayesa kukulitsa ndi batani la `Upscale` la mu Midjourney, koma nditabwereza kuyesa kwa mtanda msoko unatulukiranso, kamzere kopyapyala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Choncho sabata ya mawa ndijambulanso madayamondiwo mu pulogalamu yojambulira ya Inkscape potsata chithunzichi, kuti ndizikulitsa mmene ndifunira mizere osaphwanyika, kenako ndikadinditse mita imodzi yoyesera, amayi aisoke tione mmene dayamondi likhalire paphewa.