Usipa wopanda mchenga pa malo athu ophikira nsima

Ine ndi mng'ono wanga timaphika nsima pafupi ndi depoti ya minibasi ku Lilongwe, ndipo ndiwo imene imatisunga ndi usipa. Nkhuku imayenda kumapeto kwa mwezi basi. Masiku ena onse makondakitala ndi a kabaza amafunsa usipa wa tomato, ndipo munthu akangoluma mchenga kamodzi, mawa lake mumamuona akudya kwa mnzanu. Ndiye chiyambireni, mphamvu zathu zambiri zimapita pa ntchito ya m'mawa, mafuta asanalowe m'poto.

Nkhani imayambira pooda. Usipa wathu umachokera ku Salima, nthawi zina ku Mangochi, ndipo ulipo woyanikidwa pa thandala ndi woyanikidwa pansi. Wa pansi ndi wotsikirapo mtengo koma umabwera ndi gombe lonse. Ine ndimapisa dzanja mpaka pansi pa dengu, kutapa pang'ono n'kutikita m'manja. Ngati m'chikhatho mwatsala tokhakhala, ndimadutsa. Wouma bwino umathyoka kuti thyo ukaupinda. Ukamapindika ngati lamba, sunaume, ndipo nyengo ya dzinja woteroyo sachedwa kuchita nkhungu kapena mphutsi pamimba.

Tikafika nawo, timathira chigoba chimodzi m'lichero n'kupeta kuti mamba, fumbi ndi zinyenyeswa zichoke. Kenako timakhala pansi n'kuyamba kuchotsa mitu, usipa ukadali wouma. Apa m'pamene pagona luso. Kuwawa kwa usipa kumachokera m'matumbo, m'kanthu kakuda kamene kali pamimba kuseri kwa mutu. Ukangodula mutu molunjika, kakudako kamatsalira ndipo msuzi wonse umawawa. Umagwira mutu ndi chala chachikulu, kuupindira kumimba n'kukoka pang'onopang'ono, matumbo amatuluka limodzi ndi mutuwo. Ikatsala mimba yakuda, umaipala ndi chikhadabo. Wonyowa sungauchite zimenezi, umangophwanyika m'manja.

Bonya sitimuchotsa mitu. Ndi wamng'ono kwambiri moti ungatsale ndi chiyani? Ameneyo timangosankha timiyala ndi tizigoba ta nkhono. Alipo makasitomala amene amati kuchotsa mitu n'kutaya chakudya, ndipo sakunama, mitu ndi minga zimalimbitsa mafupa. Koma pa usipa waukulu ine ndinasankha kukoma. Chigoba chimatsikadi tikamaliza, ndiye mituyo timaisunga m'thumba, oweta nkhuku ndi nkhumba amadzagula.

Potsuka timagwiritsa ntchito mabeseni awiri ndi madzi ofunda, oti dzanja likhoza kukhalamo. Ozizira samasula mchenga umene unamatirira pa mafuta a nsomba, owira amasupula khungu n'kuufewetsa usanafike pa moto. Timauviika mphindi ngati 5, kuuvundula mofatsa ndi zala, kenako kuuvuula ndi manja kupita m'beseni linalo. Osakhuthula. Mchenga umakhala utadikha pansi, ndiye ukatsanulira zonse m'sefa umabwereranso pa nsomba zomwe watsukazo. Mtsikana aliyense amene tamulemba ntchito timayamba kumuonetsa zimenezi: timamuuza kuti apise chala pansi pa beseni loyamba amve yekha. Timabwereza mpaka pansi pa beseni patasalala. Wa pa thandala kawiri kamakwana, wa pansi ungafike kanayi, ndipo pamenepo kukoma kwambiri kwapita ndi madzi. N'chifukwa chake kutchipa kwake sikutikopa.

Usipa wofutsa, uja amayamba auwiritsa pang'ono asanauyanike, ndi wosachedwa kunyenyeka, choncho sitiuviika, timangoutsukuluza msanga. Ngati unathiridwa mchere kunyanja, timalawa kamodzi tisanathire wina mu msuzi.

Ukatsukidwa timauyala pa lichero kuti udonthe mpaka usiye kunyezimira madzi. Ukauponya m'mafuta uli chinyowere umathetheka, kumatirira pansi pa poto, ndipo ukathira tomato zonse zimasanduka phala. Wodontha bwino timaukazinga pa moto wapakatikati mpaka ufiirire ndi kulimba, n'kuuika pambali. Anyezi ndi tomato zimapsa pazokha, usipa umabwereramo kumapeto, ndipo sititakasa ndi mthiko, timangogwedeza poto. Tikafuna wotendera, nsinjiro zimalowa usipa utayamba wawira pang'ono m'madzi ochepa.

Amayi ena ogwira ntchito m'maofesi atadya kwathu anayamba kupempha kuti tiziwagulitsa usipa wokonza kale, ndipo pano timalongedza m'timapepala ta pulasitiki. Wa m'mapaketiwo sukhudza madzi ngakhale pang'ono. Timapeta, kuchotsa mitu ndi matumbo, kuuyanikanso pa dzuwa, n'kumata. Wotsuka ukautsekera m'pepala umachita thukuta n'kuyamba fungo pasanathe masiku. Pa paketi iliyonse mng'ono wanga amalembapo ndi cholembera kuti atsuke ndi madzi ofunda, avuule ndi manja. Mtengo wake timawerengera pa chigoba chisanachotsedwe mitu, kuphatikizapo ganyu ya amayi awiri amene amatithandiza kusankha Lolemba ndi Lachinayi.