Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Maso Atayamba Kundikana M'minibasi

Ndabweranso monga munapempha. Zikomo nonse amene munandipepesa pa gawo lija la maliro a bambo a ana anga. Zaka zitatu zotsatira ndizidumpha, munalibe china koma ngongole ndi kusamuka. Tinakathera ku Lumbadzi, ntchito ili ku Tauni, ndipo minibasi ikachedwa kudzadza n'kukapezanso mzere wa magalimoto pa Kanengo, ulendo umodzi umatha ola ndi theka. Pa tsiku ndiye maola atatu. Chinkandisangalatsa panjira ndi mabuku amene malemu anasiya m'katoni muja.

Tsiku lina m'mawa, ndili ndi zaka 46, ndinatsegula buku n'kuona zilembo zikuyenda ngati nyerere. Ndinalitalikitsa pang'ono, n'kulitalikitsanso, mpaka linakagunda mutu wa bambo wa mpando wakutsogolo. Kondakitala anati, "Mayi, mkono wafupika? Tikubwerekeni wina?" Minibasi yonse inafa nacho chikhakhali. Nanenso ndinaseka, koma m'mphepete mwa tsambalo munali mawu amene malemu analemba ndi pensulo, ndipo ndinalephera kuwawerenga. Dzanja ndinalizindikira, mawu ayi. Ndinatseka bukulo n'kuyang'ana pawindo mpaka kudepoti, misozi ikulengeza.

Kuchipatala cha maso anandiuza kuti munthu akapitirira zaka 40, kagalasi ka m'diso kamayamba kuuma, choncho zapafupi sizioneka bwino. Anandilembera magalasi owerengera a +1.50. Alamu anga aja ankalalika kuti magalasi amamaliza maso. Alamu, ngati mukuwerenga, magalasi saononga maso, ndipo ndikudziwa kuti lero muli nawo anu m'chikwama.

Kunyumba magalasiwo anandithandiza, koma m'minibasi ayi. Tsamba limagwedezeka pa bampu iliyonse, ndipo tisanafike pa Kanengo nseru inali itandigwira. Akuti maso amauza ubongo kuti wakhala phee, pamene m'kati mwa khutu mukumva kuti ukuyenda, ndiye mimba imasokonezeka.

Mwana wanga wamkulu ananditumizira buku pafoni. Apa mvetsetsani, chifukwa ndinataya mwezi wathunthu. Bukulo linali la PDF, lomwe lili ngati chithunzi cha tsamba. Ukalikulitsa, mzere umatuluka kunja kwa sikirini, ndiye uzikankha ndi chala uku ndi uku pa mzere uliwonse. Ndinagamula kuti mabuku a pafoni ndi bodza, osadziwa kuti pali mtundu wina wotchedwa EPUB. Umenewu ukakulitsa zilembo, mawu amadzisanja okha n'kukwana m'sikirini. Ndinazikulitsa mpaka mzere umodzi kukhala ndi mawu anayi kapena asanu okha, ndipo ndinawerenga osafinya maso. Buku lopanda zithunzi silidyanso bando, kawirikawiri ndi 1 MB kapena 2 MB basi. Komabe nseru inali pomwepo, dzuwa likawomba pasikirini sindinkaona kanthu, ndipo foni ya m'manja pafupi ndi windo kudepoti imakhala ya awiri, iwe ndi wakuba.

Ndiye ndinagonja n'kuyamba mabuku omvera. Wina analemba kuti kumvera si kuwerenga. Achimwene, nthano za agogo munkaziwerenga kodi? Buku la mawu 90,000 limatha maola pafupifupi 10, kwa ine masiku anayi. Vuto ndi kukula kwake: ola limodzi limadya pafupifupi 30 MB, buku lonse 300 MB, ndiye ndimalitsitsiratu pa waifai ya kuntchito m'malo momvera ndi bando panjira. Aulere ndimawapeza pa webusaiti ya LibriVox, koma ndi akalekale, ambiri a Chingerezi, ndipo owerenga ake ndi ongodzipereka. Wina amawerenga mokoma, wina amameza mawu, choncho ndimayamba ndamvera mutu woyamba ndisanatsitse lonse. La Chichewa lomwe ndinapeza ndi Baibulo lokha.

Sabata yoyamba ndinkakweza voliyumu kuti ndipose wailesi ya dalaivala, ndipo madzulo makutu ankalira kuti ziii. Chimenecho n'chizindikiro chakuti ukuwapweteka. Ndinagula mahedifoni a timphira totseka khutu, voliyumu n'kutsika kufika theka. Tulo nato n'tachipongwe. Tsiku lina ndinadzidzimuka minibasi itafika kale, munthu amene ankafunsira mbeta m'nkhanimo atamwalira. Pano ndimatchera kuti buku lizizima lokha pakatha mphindi 15 ndikamabwerera kunyumba nditatopa. Buku la mayina ambiri kapena la manambala sindilimvera, limenelo ndi la EPUB, usiku pabedi.

Mabuku a m'katoni ndinawasiyira Lamulungu masana, pakhonde, powala bwino, magalasi ali pamphuno. M'pamene ndinatsegulanso tsamba lija. Ndinkayembekeza mawu achikondi. Malemu analemba kuti, "Feteleza matumba 2, osaiwala kuuza mayi ake a ana."