Mayeso a mafunso 50 anabereka funso la 51

Ahedi anandiitana ku ofesi atanyamula pepala la Chingerezi la moko ya chaka chatha. Linali limodzi lokhalo, lopindika m'makona, ndipo pa tsamba lachiwiri panali chidindo cha kapu ya tiyi. Likanapita pa fotokope likanatuluka lakuda bii. "Aphunzitsi, inu ndi amene muli ndi laputopu. Tatitaipirani ili mmene lililimu, ana a Sitandade 8 ayeserere asanakumane ndi a MANEB. Musasinthe kanthu, mayankho ake ndili nawo kale." Mafunso anali 50, lililonse ndi mayankho anayi osankhapo, A mpaka D.

Usiku ndinatsegula Word n'kulemba 1 ndi kadontho. Nditangodina sipesi, mzere unalowa m'kati wokha. Nditamaliza funsolo ndinadina `Enter` kenako `Tab`, zilembo za mayankho n'kuyamba kubwera zokha. Ndikafika pa yankho lachinayi ndinkadina `Enter` ndi `Shift+Tab`, nambala yotsatira n'kutulukira. Ndinamva kukoma. Zala zinazolowera njirayo, maso anakhazikika papepala, sikirini ndinkangoiyang'ana mwakuba. Pomwe mayi a kunyumba ankati madzi osamba akuzizira, n'kuti ndili pa tsamba lomaliza, ndikudzitcha katswiri chamumtima.

Tsiku la mayeso ndinali ku Sitandade 6, koma anandiuza kuti mwana wina anakweza mkono n'kunena kuti nambala 14 ilibe mayankho. Amene ankayang'anira anangoti, "Idumpheni, nthawi ikutha." Ana amalemba okha manambala pa mapepala awo a mizere, ndiye anadumpha 14 n'kupitiriza mpaka pomwe pepala linathera.

Pochonga tinakhala atatu pansi pa mtengo wa mango, ahedi akuwerenga mayankho mokweza. Pepala loyamba linali la mtsikana amene sachoka pa nambala wani chiyambire Sitandade 5. Kuyambira 1 mpaka 13 cholembera chofiira chinkangoti chonga, chonga. Kuchokera pamenepo mitanda inandandalika mpaka pansi, apa ndi apo kachonga kamodzi. Anapeza 22. Ahedi anavula magalasi. "Mwanayu wayamba zibwenzi," anatero. Wachiwiri anagwera pomwepo, wachitatu chimodzimodzi. Titafika pa mwana wa abusa, nkhani ya zibwenzi inayamba kuvuta kuikhulupirira, ndipo madamu amene tinali nawo anafunsa mwaulemu kuti, "Kodi mafunsowa alipo angati? Ana onsewa akuthera pa 51."

Nthawi imeneyo ine ndinali nditayamba kuyang'anitsitsa nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi nsapato yanga.

Chinachitika n'chakuti papepala lenileni, pakati pa funso 13 ndi 14, panali mzere wa malangizo wouza ana kuti awerenge kankhani kenakake n'kuyankha mafunso 14 mpaka 18. Mzere umenewu ulibe nambala. Koma zala zanga zinali zitadina kale `Shift+Tab`, ndipo malangizowo anatenga 14. Funso lenileni la 14 linakhala 15, la 15 linakhala 16, mpaka la 50 linakhala 51. Tinkachonga yankho la funso lina ndi kiyi ya funso lotsatira. Pa mayankho anayi, kuchonga kotereku kumakhoza mwangozi pafupifupi kamodzi pa kanayi, n'chifukwa chake mtsikana uja anatolako 9 pa mafunso 37 otsalawo. Chizindikiro chake n'chosabisika: ana anzeru ndi ofooka omwe akayamba kugwa pa nambala imodzimodzi, musayambe mwakalipira ana. Madamu anangotsitsa pepala la mayankho ndi mzere umodzi, machonga n'kubwerera.

Ndinapuma, koma msanga. Pa mafunso ochepa a kumapeto, ana anzeru ankalephera ndithu, ndipo ankalephera pokhapo pomwe kiyi ikuti B kapena C. Ahedi anatenga pepala lakale n'kuliika pambali pa langa. Pofuna kusunga malo, amene anataipa poyamba anaika mayankho afupiafupi m'mizati iwiri yotsika: A pamwamba ndi B pansi pake kumanzere, C pamwamba ndi D pansi pake kumanja. Ine ndinawerenga chopingasa monga timawerengera nyuzipepala, A, kenako C, kenako B, kenako D, pomwe zilembo zinkabwera zokha mwa ndondomeko yake. Yankho la C linavala chilembo cha B, la B linavala cha C. A ndi D okha ndi amene anatsala m'nyumba zawo. Ndikanakhala kuti chilembo chilichonse ndinkachitaipa ndekha, chala chikanakana kulemba B pomwe diso likuona C.

Lomaliza linali funso la kalembedwe ka mawu, lofunsa mawu amene alembedwa molondola. Papepala lakale yankho limodzi linali `receive`, lina linalakwitsidwa dala kukhala `recieve`. Pa langa onse awiri anali `receive`. Word ili ndi mndandanda wa mawu amene anthu amalakwitsa kawirikawiri, ndipo imawakonza mukangodina sipesi, mwakachetechete, osasiya ngakhale kamzere kofiira. Pa kalata yofunsira ntchito n'chifundo chimenecho. Pa mayeso, cholakwika cha dala ndicho funsolo. Ahedi anagamula kuti aliyense wosankha limodzi mwa awiriwo apatsidwe malikisi.

Madzulo omwewo madamu anandikhazika pansi n'kundionetsa pomwe zonsezi zimazimitsidwira:

```
File > Options > Proofing > AutoCorrect Options
```

Pa tsamba la `AutoFormat As You Type` anachotsa kachonga pa `Automatic numbered lists`, ndipo pa tsamba la `AutoCorrect` anachotsa pa `Replace text as you type`. Chachiwirichi n'chomwenso chimasandutsa `(c)` kukhala ©, kwa amene mayankho awo amawaika m'mabulaketi. Anandionetsanso kadziwidwe kake: mukadina pa nambala imodzi n'kuona manambala onse a m'pepalamo achita mthunzi wotuwa nthawi imodzi, ndiye kuti ndi odzibweretsa okha, ndipo mukachotsa kapena kuwonjezera mzere umodzi onse apansi asuntha. Nambala yotaipa ndi dzanja imakhala pomwe mwaiika.

Kenako tinaliwerenga awiri, iwo ndi lakale, ine ndi langa. Ankatchula nambala, chilembo, ndiyeno mawu ake, osati mawu okha, chifukwa ine nditawerenga ndekha usiku uja mawu onse analipo ndithu. Pothera tsamba lililonse tinkaonanso ngati nambala yomaliza ikufanana. Pamapeto ndinayankha ndekha pepala langalo n'kudzichonga ndi kiyi ya ahedi, ntchito ya mphindi zochepa imene ikanagwira zolakwika zonse zitatu ana asanalione.

Titachonganso mapepala a ana, mtsikana uja anachoka pa 22 kufika pa 47, ndipo ahedi sanatchulenso za zibwenzi. Kalasi yonse inakwera, kupatula mnyamata wina wa kumbuyo amene pa mayeso aliwonse amalemba C kuyambira pamwamba mpaka pansi. Iyeyu kusuntha kwa manambala sikunamukhudze: anapeza 12 poyamba, anapezanso 12 kachiwiri. Pa buleki ananditsatira mpaka pakhomo la sitafu, pepala lili m'manja.

"Sala, anzanga onse mwawawonjezera. Nanga ine ndakulakwirani chiyani?"